Ndemanga: mavidiyo ophunzitsa bulusi ya mabaa 12 pa gitala, nyenyezi 4 pa 5

Ndagula mavidiyo awa chifukwa ndimafuna kumvetsa kuti zimatheka bwanji anthu osadziwana kukumana pa siteji, wina n'kungonena kuti "bulusi mu E", onse n'kuyamba kuimba ngati anayeserera. Pa funso limenelo andikhutiritsa ndithu.

Mphunzitsiyo sathamangira zala, amayamba ndi komwe nyimbozi zinachokera, kwa anthu akuda a kummwera kwa Amereka, ana ndi adzukulu a akapolo omwe anamasulidwa mu 1865, amene ankaimba mofuula m'minda ya thonje, pa ntchito zakalavulagaga ndi m'tchalitchi, wina kutsogolera ena kuyankha. Akufotokozanso za W.C. Handy yemwe cha m'ma 1903 anamva munthu akuimba pa siteshoni ya sitima ku Tutwiler, Mississippi, akukhwekhwereza mpeni pa nsambo za gitala, kubwereza mzere umodzi katatu. Handy sanayambitse bulusi ayi, iye anailemba pamapepala n'kuigulitsa, Memphis Blues mu 1912 kenako St. Louis Blues mu 1914, mabandi n'kuyamba kuiwerenga.

Gawo lomwe ndalama yanga yagwira ntchito ndi la kuwerenga. Baa imodzi ndi 1-2-3-4 basi, ndiye mu E zimayenda chonchi, chilembo chilichonse ndi kodi yomwe umagwira kwa baa imodzi:

```
E  E E E
A  A E E
B7 A E B7
```

Koma iye akuti usaloweze manambala, uyambe waimba. Mawu ali ndi mizere itatu, woyamba umanena vuto lako, wachiwiri umabwereza lomwelo, wachitatu ndiye yankho, ndipo mzere uliwonse uli ndi mabaa 4. Pakamwa pamatenga mabaa awiri ndi kachidutswa, otsalawo gitala imayankha, kutsogolera ndi kuyankha kuja kwalowa mwa munthu mmodzi. Ndiye ukasochera umadziwa msanga: ukayamba kubwereza mzere dzanja lisanafike pa A, kapena ukafika pa yankho usali pa B7, wataya baa penapake. B7 yomaliza ija ntchito yake ndi kukukankhira koyambirira.

Kwa ife tinakulira nyimbo zakwathu, makodi atatuwa si achilendo, ndi omwewo a kwela ya a Kachamba ndi makwaya ambiri. Vuto ndi loti khutu lathu linazolowera kuti azizungulira mwachangu, ndiye kukhala pa E mabaa 4 athunthu dzanja limayabwa, umangopezeka wadumphira pa A nthawi isanakwane. Chomwe chandithandiza ndi njira yomwe akuphunzitsa yogunda A pa baa yachiwiri n'kubwerera pa E, mabaa amakhalabe 12 koma sukhala nthawi yaitali pamalo amodzi.

Ndakondanso kuti sanabise zoti akale akumudzi sankawerenga 12 ndendende. Munthu woimba yekha pakhonde amatha kutalikitsa mzere kufika 13 kapena kudula, ndipo John Lee Hooker nyimbo zina amangokhala pa kodi imodzi mpaka kumapeto. Chiwerengerochi chinalimba pamene anthu anayamba kuimba m'mabandi, makamaka akuda ambiri atasamukira kumizinda ngati Chicago, komwe Muddy Waters anafika mu 1943 n'kudzagwira gitala yamagetsi, poti wa ng'oma, wa besi ndi wa piyano ayenera kusintha limodzi apo ayi ndi chisokonezo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa gawo la nyimbo zomwe zinabadwa pambuyo pake alithamangitsa kwambiri, pomwe ndi pamene ambiri tingamve kuti nkhaniyi ikutikhudza. Amatenga nthawi pa Johnny B. Goode ya Chuck Berry ya 1958 yokha, kuonetsa kuti mabaa ndi omwewo koma liwiro lakwera, gitala yasiya kudumphadumpha ikugunda mowongoka, ndipo baa 9 ndi 10 onse akhala pa kodi imodzi, osatsika ngati mmene B7 imatsikira pa A. Apo mpabwino zedi. Koma Hound Dog, yomwe Big Mama Thornton anatulutsa mu 1953 Elvis asanaiimbe mu 1956, yangotchulidwa dzina, chimodzimodzi Papa's Got a Brand New Bag ya James Brown ya 1965, yomwe ndimafunitsitsa atawerenga nafe baa ndi baa chifukwa malipenga ndi besi zimabisa maziko ake, khutu la wophunzira silingawatole lokha. Za jazi, mmene Charlie Parker ankathira makodi owonjezera mkati mwa mabaa omwewo, palibiretu.

Mavidiyowo ndi olemera, amadya bandulo, ndi bwino kuwatsitsa pa wayifayi. Kamera imaonetsa bwino dzanja lamanzere koma lamanja limabisika nthawi zina. Ngati mumagwira kale E, A ndi B7 osayang'ana zala, gulani, koma ngati gitala mwangoyamba kumene dikirani kaye, sakuphunzitsa kagwiridwe ka makodi.