Brosha yakale: kumata stika, kukonza fayilo yomweyo kapena kuyambiratu?

Tiyerekeze loji ya ku Senga Bay ili ndi brosha ya A4 yopinda patatu, kutsogolo kuli logo ya nsomba pa buluu amene makasitomala amamuzindikira ali patali. Chaka chatsopano chafika, mitengo yasintha, nambala ya TNM ija inasiya kugwira.

Kumata stika pamitengo yakale nkotchipa ndithu, makamaka ngati mabrosha atsala katoni yonse. Koma stika yopyapyala imaonetsa mtengo wakale kunsi kwake, ndiye kasitomala amayamba kunenelera kuti bwanji mwakweza chonchi. Ndi yongodutsira miyezi yochepa basi.

Kuyambiratu pa Canva, pulogalamu ya pa intaneti yopangira madizaini, kumakopa, matempuleti ake ndi okongola, koma apa mpamene ambiri amataya nkhope ya bizinesi yawo. Logo amaitenga pa chithunzi cha pa WhatsApp, pafoni ikuoneka bwino koma ikatuluka papepala m'mbali mwake muli manomano, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi pomwe makina osindikizira amafuna 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse ya chithunzi. Buluu nayenso amasintha, sikirini imasakaniza mitundu ndi kuwala m'njira yotchedwa RGB pomwe posindikiza amasakaniza inki m'njira yotchedwa CMYK, ndiye buluu wowala uja amatha kutuluka ngati pepo. Kasitomala wakale akaiona pa kauntala amangoidutsa poganiza kuti ndi ya loji ina.

Ine ndimakonda kukonza fayilo yomweyo. Pitani kwa amene anakupangirani poyamba mukapemphe fayilo yeniyeni, ya .cdr ngati anapangira mu CorelDRAW kapena .indd ya InDesign, pamodzi ndi dzina la fonti ndi manambala a CMYK a buluu uja. Tsamba lakutsogolo musaligwire kwambiri, logo ikhale pomwe imakhala, mawu amene mumadziwika nawo akhale omwewo, mungosintha chithunzi chimodzi ngati zipinda munazipenta. Mkati ndimo musinthe momasuka, zithunzi zatsopano, manambala a Airtel Money ndi Mpamba, mapu. Vuto lake nlakuti fayilo imatha kusowa, zikatero mulipire wina ajambulenso logo moitsata bwinobwino, osati kuisikana chabe.

Koma mitengo ichotsenimo! Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, amene anali atangosindikiza mabrosha okhala ndi mitengo anangotsala ndi mapepala. Ikani mitengo pa kapepala kapadera kolowetsa mkati, A4 imodzi imatulutsa titatu, mitengo ikasintha mumangosindikiza timeneto pa printa ya mu ofesi.

Musanalipire zonse auzeni osindikiza atulutse kaye imodzi papepala lomwe mudzagwiritse ntchito, muiike pambali pa yakale panja masana, osati pansi pa babu. Buluu akasiyana akonze, ndipo muipinde muone ngati mawu sakugwera popindirapo.