Mtengo wotumizira katundu: fomu iziwerengera dera kapena kulemera?

Anzanga ogulitsa pa intaneti sakundipatsa mpata ndi funso limodzimodzi: pa fomu yooda katundu, mtengo wotumizira uzitengera dera limene wogula ali, kapena kulemera kwa katunduyo? Ndineneretu kuti njira ya madera ndili nayo chifukwa.

Ubwino wake ndi wakuti siivuta kukonza. Mumagawa malo m'magulu, tinene mpaka makilomita 5, mpaka 15, ndi kupitirira apo. Wogula amasankha dera lake, fomu n'kuwonjezera mtengo. Kwa amene amakapereka okha tinthu ting'onoting'ono, imeneyi yakwana, ngakhale ogula ena ochenjera amangosankha dera lotchipa.

Chimene chinandiwawa n'chakuti fomu ya madera siona zimene zili m'katoni. Munthu wa m'dera lapafupi anaoda mapilo, fomu inamulipiritsa mtengo wotsikitsitsa, koma kampani yonyamula katundu inandiuza kuti katoniyo ndi ya makilogalamu 19.2. Pasikelo inali makilogalamu 3 okha! Makampani ambiri otere salipiritsa za pasikelo zokha. Amayezanso malo amene katoni ikudya m'galimoto kapena m'ndege: amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, kenako amatenga nambala yaikulu pakati pa imeneyo ndi ya pasikelo. Katoni yanga inali 60 × 40 × 40, zimene zimapereka 96000, ndipo mukagawa ndi 5000 mupeza 19.2. Phindu lonse la mapilowo linathera pamenepo.

Apa ndiye pamene njira ya kulemera imapambana, bola fomu iziwerengera mofanana ndi wonyamulayo:

```
kg = max(sikelo, L * W * H / 5000)
```

Ngati magulu anu ndi mpaka makilogalamu 2, 5, 10 ndi 20, mapilowo amachoka m'gulu lachiwiri n'kulowa m'lachinayi, ndipo wogula amaona mtengo weniweni asanalipire. Funsani kampani yanu nambala yogawira, chifukwa ena amagwiritsa ntchito 6000 kapena 4000.

Sindikunena kuti njirayi ilibe zake. Ndi ntchito yotopetsa, chifukwa chinthu chilichonse m'sitolo yanu chiyenera kukhala ndi kulemera ndi miyeso yake, kuphatikizapo katoni ndi zokutira. Mukaiwala chimodzi, mafomu ambiri amachitenga ngati 0. Mudzazindikira mukaona oda yaikulu italipiritsidwa mtengo wa gulu loyamba. Yesaninso malire: oda ya makilogalamu 5 ndendende imatha kusowa gulu ngati lina munalemba `< 5` ndipo lotsatira `> 5`. Loyambalo likhale `<= 5`.

Ine ndinasankha kulemera. Madera ndinawasiya ngati chowonjezera chabe, moti gulu lililonse la kulemera lili ndi mitengo itatu: wapafupi, wapakati ndi wakutali. Koma wina akandikakamiza kusankha njira imodzi yokha, ndipo katundu wake ndi wosiyanasiyana kukula, madera sindingamulangize.