Zomasulira za makina: kuzigamba, kuzibweza ku Chingerezi, kapena kulipira munthu?

Alembi anzanga a makomiti a alimi a mpunga kuno ku Lifuwu ndi a m'magombe a ku Senga Bay mwakhala mukundifunsa chinthu chimodzimodzi: kalata ikachokera ku bungwe m'Chingerezi, ukaiponya m'foni n'kutuluka m'Chichewa, uikonze bwanji isanapite kwa anthu? Sindikamba za pulogalamu iti yoposa inzake. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ena abwera pambuyo pake, ndipo aliyense ali ndi yomwe anaizolowera. Nkhani yanga ndi ya zomwe timachita makina akamaliza, chifukwa njira zomwe timatsata si zofanana mphamvu, ndipo ina ndili nayo mangawa.

Tiyambe ndi kalata yeniyeni, kuti tisamakambe m'malere. Bungwe lina linatumiza mawu awa kuti komiti yathu iwapereke kwa a gulupu:

```
Dear Chief, we ask you to come to the meeting on Friday.
Bring your stamp. The pump has arrived but it is not working.
Members who borrowed seed will pay back after harvest.
```

Chomwe chinatuluka chinali ichi: "Wokondedwa Mfumu, tikukupemphani kuti mubwere kumsonkhano Lachisanu. Bweretsa sitampu yako. Pampu wafika koma sichikugwira ntchito. Mamembala amene anabwereka mbewu abweza pambuyo pokolola."

Njira yoyamba, yomwe ambiri mumaikonda, ndi kuzigamba: kuwerenga Chichewa chokhacho n'kumakonza pamene khutu lakana. Ndi yachangu, siidya ndalama, ndipo pa mgwirizano wa mayina imagwira bwino ndithu. Palibe wobadwira kuno amene angadutse pa "pampu wafika koma sichikugwira" osaima. Dzina limodzi lapatsidwa magulu awiri m'chiganizo chimodzi: wa- ngati pampu ndi munthu, kenako chi- ngati ndi chinthu wamba. Zimachitika chifukwa Chingerezi chili ndi `it` mmodzi wa chilichonse, ndiye makina akatalikira dzina lomwe anayamba nalo amangogwira chi- kapena zi-. Mayina obwereka ndiwo amavutika kwambiri. Ife timati pampu ya, komiti ya, foni ya, koma lipoti la, feteleza wa, makina a, ndipo nthawi zambiri chilembo chakutsogolo sichikuuza zimenezi. Wozigamba amakonza kuti "pampu yafika koma siikugwira ntchito", n'kudziona kuti wamaliza.

Vuto la njira imeneyi ndi loti khutu limagwira zokhazokha zomwe zikumveka molakwika. Pali mayina omwe sasintha akachuluka: mbuzi, ng'ombe, nyumba, nsomba, mbewu. Kusiyana kwa imodzi ndi zambiri kuli pa mgwirizano pokha. Makina akalemba "mbuzi yasowa" pomwe mwini kalata ankanena zambiri, chiganizocho ndi Chichewa chabwinobwino, ndipo wozigamba amachidutsa osakanda n'komwe mutu. Ungachigwire pokhapokha ukuyang'ana mawu oyambawo.

Njira yachiwiri imakondedwa ndi achinyamata: kutenga Chichewa chatulukacho n'kuchibweza m'makina kuti chipite ku Chingerezi, zikafanana ndi zoyambazo ndiye kuti zili bwino. Imathandizako kuona ngati chiganizo chatayika kapena nambala yasintha. Kupitirira apo ndi yonyenga. "Bweretsa" ndi "bweretsani" zonse zimabwerera ngati `bring`. "Yako" ndi "yanu" zonse ndi `your`. "Sitampu" ya pa positi ndi "chidindo" cha mfumu zonse ndi `stamp`. Kalata yathu ija ikanabwerera yoyera ngati yolondola, chonsecho ikulamula a gulupu ngati mwana wotumidwa ku chigayo. Njira imeneyi ilibe maso pa ulemu, ndipo sindiiwerengera ngati kukonza.

Tsono njira yachitatu, ya mangawa ija: kupereka ntchitoyo ku timashopu totayipa ndi kupulinta. Pa kashopu kena ku Boma, kamene sinditchula, komiti yathu inalipira mtengo wa kumasulira pa peji iliyonse, wosiyana ndi wa kutayipa. Mawu ndawaonetsa pamwambawa ndiwo omwe tinalandira, ndiye kuti mnyamatayo anangowaponya m'makina n'kupulinta, ndalama ya womasulira n'kuika m'thumba. Zimenezo n'zopirira. Chomwe chinawawa ndi chakuti titabweza kalatayo kuti ikonzedwe, anati kukonza ndi ntchito ina: tilipire kutayipanso, tilipire kupulintanso makope onse, pamwamba pa thiransipoti yopita ndi kubwera. Pamtengo woyamba sanatchulepo zimenezi. Atakonza, anangosintha "bweretsa" kukhala "bweretsani", "yako" n'kuisiya pomwepo. "Bweretsani sitampu yako" ndi yoipa kuposa poyamba, chifukwa tsopano ikuoneka kuti munthu anaiwerenga n'kuivomereza.

Sikuti onse otayipa ndi otero. Koma musanapereke ndalama, funsani ngati kukonza kuli mkati mwa mtengowo, ndipo muuzeni akuwerengereni mokweza chiganizo chomwe chikupempha kanthu. Akafunsa yekha kuti "kodi kalatayi ikupita kwa ndani?", ameneyo mukhoza kumudalira. Mphunzitsi wina wopuma pantchito wa m'dera lathu salemba chilembo asanafunse funso limeneli, ndipo kalata zopita kwa mafumu timapita nazo kwa iwo, ngakhale amachedwa.

Njira yomwe ine ndimaitsata ndi yachinayi: mawu oyamba mbali ina, a makina mbali ina, n'kudutsamo katatu, ulendo uliwonse ndi chinthu chimodzi. Ndimayamba ndi ulemu, chifukwa ukasintha umakoka aneni onse, ndiye kuyamba ndi zina ndi kugwira ntchito kawiri.

Ulemu m'Chichewa sukhala pamalo amodzi. Uli pa mlowam'malo, iwe kapena inu. Uli kutsogolo kwa mneni, ubwere kapena mubwere. Uli kumapeto, tikukupempha kapena tikukupemphani. Uli pa umwini, chako kapena chanu. Uli ngakhale pokamba za munthu yemwe palibe: "ndamuona" ndi "ndawaona". Makina ena amamasulira chiganizo chilichonse pachokha, ndiye chiganizo choyamba chimatha kutuluka ndi inu, chachiwiri ndi iwe, monga zinachitikira apa. Amene ali pa kompyuta afufuze tizidutswa iti: `iwe`, `ako`, `ubwe`, ndi aneni onse olamula opanda -ni. Kufufuza `ako` kumagwira yako, chako, lako, zako ndi wako nthawi imodzi.

Koma kuika -ni paliponse sikutha nkhani. "Bweretsani chidindo chanu" ndi mawu aulemu kwa mnzako wamkulu, komabe ndi lamulo, ndipo komiti silamula mfumu. Timatembenuza kukhala pempho: "ngati n'kotheka mudzabwere ndi chidindo chanu". "Wokondedwa Mfumu" nayenso achoke, m'malo mwake "Kwa a Gulupu". Dzina lakuti mfumu lili ndi msampha wakewake. Mwa malamulo limayenda ngati mbuzi ndi nyumba: mfumu yathu yabwera. Sizolakwika polemba nkhani, koma pamaso pawo kapena m'kalata ya m'mudzi timati amfumu athu abwera, ndipo apa mgwirizano wasamuka chifukwa cha ulemu, osati chifukwa achuluka. Akachuluka ndi mafumu. Ndaonapo makalata omwe wokonza wasokoneza amfumu ndi mafumu, nyakwawa zonse n'kumaganiza kuti zaitanidwa.

Ulendo wachiwiri ndi wa aneni, ndipo kwa ine apa ndi pamene pamatayika ndalama. Onaninso chiganizo chomaliza: "Mamembala amene anabwereka mbewu abweza pambuyo pokolola." Poyankhula, "abweza" wa zomwe zachitika kale ndi "abweza" wa zomwe zichitike posachedwa timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu. Polemba sitiika zizindikiro za kakwezedweko, ndiye onse awiri amaoneka chimodzimodzi. Munthu wowerengera anthu pabwalo akhoza kulengeza kuti ngongole yabwezedwa kale. Wozigamba saona vuto, chifukwa m'mutu mwake amawerenga ndi kamvekedwe komwe iye akukayembekezera. Mankhwala ake ndi kusankha mneni wosasowa khutu: "adzabweza akadzakolola". Ndinasinthanso "anabwereka" kukhala "anakongola", popeza mbewu yomwe wafesa subweza yomweyo.

-ma- ali ndi vuto lomwelo. "Timalipira pamwezi" akhoza kutanthauza kuti ndi mmene timachitira mpaka lero, kapena kuti ndi mmene tinkachitira kale. Ngati mawu oyamba akunena zakale, lembani "tinkalipira". Ngati ndi lamulo loti lizichitika mobwerezabwereza, ndi "muzilipira", osati "mulipire", yemwe ndi wa kamodzi. Makina kawirikawiri amataya -zi- ameneyu, ndipo anthu amalipira mwezi umodzi n'kusiya ali ndi kalata yowaikira kumbuyo. Palinso -ka- ndi -dza-: "mukapereke" ndi kupita nazo kwina, "mudzapereke" ndi kubwera nazo kuno kapena kupereka tsiku lina. Chingerezi nthawi zambiri sichionetsa komwe wolemba wakhala, ndiye makina amangolota. Kusankha pakati pa -na- ndi -da-, anafika kapena adafika, sindilimbana nako kwambiri, bola kalata imodzi isasakanize popanda chifukwa.

Mgwirizano wa mayina ndimamalizira, chifukwa pofika apa aneni akhazikika. Ndimatenga dzina lililonse n'kulitsatira mpaka pomwe lathera. Ukasintha dzina, sintha zonse zomwe limakoka: "sitampu yanu" ikasanduka chidindo, "yanu" asanduke "chanu". Mayina awiri a magulu osiyana akakumana, monga matumba ndi mbewu, timagwiritsa zi-: matumba ndi mbewu zafika. Akakhala anthu ndi a-.

Kalata ija inatha motere: "Kwa a Gulupu. Ife a komiti ya alimi a mpunga tikukupemphani kuti mudzakhale nafe pamsonkhano Lachisanu likudzali. Ngati n'kotheka mudzabwere ndi chidindo chanu. Pampu ija yafika koma siikugwira ntchito. Mamembala amene anakongola mbewu adzabweza akadzakolola."

Njira imeneyi imadya nthawi, ndipo imafuna munthu womva Chingerezi, zomwe si alembi onse ali nazo. Pa uthenga wa pa gulu la pa foni wokumbutsana nthawi ya msonkhano, zigambani basi, sipafa munthu. Pa chilichonse chokhudza ngongole, mankhwala kapena tsiku lotsekera usodzi, khalani ndi mawu oyamba pambali ndipo musasiye mneni wofuna khutu. Kalata yaifupi yopita kwa mfumu, kwa abusa kapena kwa a shehe, nthawi zambiri ndimaona kuti kuilemba mwatsopano n'kofulumira kuposa kukonza ya makina, popeza pa ziganizo zinayi zija palibe n'chimodzi chomwe chinatsala mmene chinalili.