Ndalama za ulendo wa ku Senga Bay: kubwezerana aliyense kapena kuwerengera pamodzi?

Tinali anayi. Ine ndinathira mafuta a K60,000, mlamu wanga analipira malo ogona K40,000, mnzathu wina anagula chambo ndi zakumwa za K20,000, wachinayi sanatulutse kanthu. Zonse pamodzi K120,000, ndiye gawo la aliyense ndi K30,000.

Njira yoyamba ndi yakuti amene analipira chinthu abwezeredwe ndi anzake atatu. Pa mafuta aliyense andipatse K15,000, pa malo ogona aliyense apereke K10,000 kwa mlamu, pa chambo K5,000. Ndi yosavuta kumva, koma ndalama zitumizidwa kasanu ndi kanayi, ndipo pa Airtel Money kapena Mpamba kutumiza kwina kulikonse amakudula kenakake. Ine ndi mlamu tikhala tikungopatsirana ndalama zomwezo.

Njira yachiwiri, yomwe ndimaikonda, ndi kuchotsera aliyense K30,000 pa zomwe anatulutsa. Ine ndinapitiriza ndi K30,000, mlamu ndi K10,000. Wa chambo uja waperewera K10,000, wachinayi K30,000 yonse. Onani kaye ngati zopitirira zikufanana ndi zoperewera. Kuno ndi K40,000 mbali zonse. Zikasiyana, pali pomwe mwalakwitsa powerengera.

Kenako funani omwe ndalama zawo zikufanana. Wachinayi anditumizire K30,000, wa chambo atumize K10,000 kwa mlamu. Kutumiza kawiri basi. Ngakhale zitapanda kufanana chonchi, anthu anayi safunika kutumiza koposa katatu.

Vuto lake n'lakuti wa chambo amafunsa kuti, “Bwanji ndikulipira alamu anu okha pomwe mafuta munathira ndinu?” Muonetseni pepala lowerengera lija musanamuuze kotumiza.