Silinda kapena sifiya: mtsuko umodzi, njira ziwiri

Anzanga ambiri amene tikulimbana ndi intigiralo yapatatu, akangoona x² + y² + z² = 25 mu funso, amathamangira makowodineti a sifiya osaonanso china. Ine ndikuti yambani mwadikira. Chimene chiyenera kukusankhitsani njira si dzina la chinthucho, koma makoma onse amene achitchinga. Khoma limodzi lokha likakhala lathyathyathya, njira ya sifiya ikhoza kukuvutitsani kuposa ya silinda, ngakhale chinthucho chili chobulungira.

Njira ya x, y, z ndisakutayitseni nayo nthawi. Pa chinthu chobulungira malire ake amadzaza ndi masikweyaruti, wina m'kati mwa mnzake. Njira ya pola nayo ndi ya pamalo athyathyathya basi. Mukaiwonjezera z ndiye yasanduka silinda. Opikisana enieni ndi awiri awa:

```
silinda: x = r cos θ, y = r sin θ, z = z
         dV = r dz dr dθ
sifiya:  x = ρ sin φ cos θ, y = ρ sin φ sin θ, z = ρ cos φ
         dV = ρ² sin φ dρ dφ dθ
```

Pa silinda, r ndi mtunda wochokera pa mzere woimirira wa z. Pa sifiya, ρ ndi mtunda wochokera pakati penipeni, ndipo φ ndi ngodya yoyezedwa kuchokera kumutu kwa mzere wa z kutsika m'munsi.

Kodi r ndi ρ² sin φ amene ali mu dV achokera kuti? Awa ndiwo a Jakobiyani, dzina lochokera kwa Carl Jacobi, katswiri wa masamu wa ku Jeremani amene analemba za maditaminanti oterewa mu 1841. Mukhoza kuwapeza powerengera ditaminanti, ndipo pa mayeso nthawi zina amafuna zimenezo, koma kuti asakuthaweni m'mutu ndi bwino kuwaona ndi maso. Aliyense amene anadutsa m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo anaonapo makina othirira aja a paipi yaitali yoyenda pa mateyala mozungulira malo amodzi. Paipi ikasuntha pang'ono, mbali ya kufupi ndi pakati imanyowetsa kadera kochepa, pamene ya kunsonga imanyowetsa dera lalikulu, chonsecho ngodya imene zonse zatembenuka ndi imodzimodzi. Utali umene kachigawo ka paipi kayenda si dθ, ndi r dθ. Choncho kabokosi kakang'ono ka silinda kali ndi mbali dr, r dθ ndi dz, ndipo mukazichulukitsa r uja amatulukira yekha.

Pa sifiya kabokosi kali ndi mbali dρ, ρ dφ, ndi yachitatu imene ambiri imawasokoneza. Mukamazungulira ndi θ, mukuzungulira mzere wa z, osati pakati pa mpira, ndipo mtunda wanu kuchokera pa mzerewo ndi ρ sin φ. Mbali yachitatu ndiye ρ sin φ dθ. Dziko lathu lomwe limasonyeza zimenezi. Pa ikweta, digiri imodzi ya kum'mawa kapena kumadzulo ndi makilomita pafupifupi 111. Boma la Nsanje lili pafupifupi madigiri 17 kumwera kwa ikweta, kutanthauza φ wa madigiri 107, ndipo sin wake ndi 0.956. Kumeneko digiri yomweyo ndi makilomita pafupifupi 106.

Tsopano titenge chinthu chimodzi tichiyese mbali zonse. Tiyerekeze mtsuko waukulu wobulungira ngati mpira, wa rediyasi ya madesimita 5. Ndasankha madesimita dala kuti yankho litulukire mu malita. Pakati pa mtsuko ndi pamene pali 0, ndipo madzi afika pa z = 3. Funso nlakuti: mpata wopanda madzi pamwambapo ndi malita angati? Pamene madzi akhudza khoma la mtsuko, r² = 25 − 9, ndiye r = 4.

Ndi silinda, pansi pa mpatawo ndi z = 3, denga ndi z = √(25 − r²), ndipo r amayenda kuchokera pa 0 kufika pa 4.

```
V = 2π ∫[0,4] (√(25 − r²) − 3) r dr
  = 2π (98/3 − 24) = 52π/3
```

Taonani ntchito imene r wa Jakobiyani wagwira pamenepa. Mukaika u = 25 − r², du ndi −2r dr, ndipo r amene mumafunayo alipo kale. Gawo loyamba limapereka (125 − 27)/3, lachiwiri 3 × 16/2. Yankho ndi malita pafupifupi 54.5.

Ndi sifiya, denga ndi losavuta kwambiri, ρ = 5. Vuto lili pansi. Pamwamba pa madzi ndi pathyathyathya, z = 3, ndipo mu makowodineti awa pamalembedwa ρ cos φ = 3, kutanthauza ρ = 3/cos φ. Malire a ρ ayamba kudalira φ. Nayo φ imathera pa ngodya α imene cos α = 3/5, madigiri pafupifupi 53.

```
V = (2π/3) ∫[0,α] (125 − 27/cos³φ) sin φ dφ
  = (2π/3)(50 − 24) = 52π/3
```

Yankho ndi lomwelo, ndipo liyenera kutero. Koma panjira mwadutsa pa sin φ/cos³φ, amene intigiralo yake ndi 1/(2cos²φ), ndipo apa mpamene zizindikiro za kuchotsa zimasochera. Choopsa kuposa apo chimachitika musanayambe nkomwe kuwerengera: dzanja limangolemba ρ kuchokera pa 0 kufika pa 5 chifukwa chozolowera. Mukatero mwayeza chinthu china. Pa funso ili ine ndimasankha silinda mosakayika, ngakhale mtsukowo ndi mpira.

Chinthu china chija nchiyani? Ndi koni yosongokera pakati pa mtsuko, yokwera mpaka pa mkombero wa madzi, pamodzi ndi mpata wa pamwamba uja. Ngati funso lafunsa chimenechi, zinthu zimatembenuka. Khoma la koni ndi φ = α, denga ndi ρ = 5, ndipo malire onse ndi manambala okhaokha. Intigiralo imagawika patatu, chilichonse payekha.

```
V = (2π)(1 − 3/5)(125/3) = 100π/3
```

Mzere umodzi, basi. Malita pafupifupi 104.7. Silinda nayo imafika, koma muyenera kuyamba mwapeza kuti khoma la koni ndi z = 3r/4, kupezanso pamene koni ikumana ndi mpira, kenako kuwerengera magawo awiri. Mukafuna kutsimikiza, koni yokha ya rediyasi 4 ndi msinkhu 3 ndi 16π, ndiye 48π/3, ndipo mukaphatikiza ndi 52π/3 uja mupeza 100π/3.

Mwaona kuti denga silinasinthe m'mafunso onse awiri. Chasintha ndi khoma la pansi. Nchifukwa chake ine ndisanasankhe ndimalemba khoma lililonse m'njira zonse ziwiri, nkuona kumene makoma ambiri akusanduka nambala chabe. Khoma lathyathyathya lopingasa ndi khoma la mgolo woimirira ndi a silinda. Mpira wokhala pakati pa 0 ndi koni yosongokera pa 0 ndi za sifiya. Mawu akuti "pa 0" musawadumphe: koni imene nsonga yake ili pena, monga denga la nkhokwe limene nsonga ili m'mwamba pa z = 3, si φ wokhazikika ayi, ndipo silinda imaigwira bwino. Makoma akagawanika, lina uku lina uko, monga zinalili pa mpata wa mtsuko, funsani kuti khoma lachilendolo likuoneka bwanji m'njira iliyonse. Mpira mu silinda ndi √(25 − r²), amene r wa Jakobiyani amamuweta. Khoma lathyathyathya mu sifiya ndi 3/cos φ, amene amakwera kufika pa mphamvu yachitatu.

Njira ziwirizi zimasiyananso pa mmene zimakuchenjezerani mukalakwitsa, ndipo apa silinda ndi yachifundo. Mukaiwala r pa funso loyamba, intigiralo ya √(25 − r²) imalimba mwadzidzidzi, arcsin amatulukira pamene simunamuyembekeze, ndipo yankho limakhala pafupifupi 35.1. Ngakhale musadziwe yankho lenileni, miyeso ikuuzani: dz ndi dr ndi mautali awiri, dθ alibe muyeso, ndiye mwapeza masikweya desimita, osati malita. Utali wachitatu ndi r amene mwamusiya.

Pa sifiya, kuiwala ρ² kumagwidwa chimodzimodzi. Koma kuiwala sin φ yekha sikugwidwa ndi miyeso, pakuti sin φ alibe muyeso, ndipo intigiralo imapepuka m'malo molimba. Ichi chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa munthu amachoka pa pepala ali wokhutira. Yesani pa mtsuko wonse: yankho loona ndi 500π/3, malita pafupifupi 523.6, koma popanda sin φ mupeza 2π × π × 125/3, pafupifupi 822. Mungachigwire bwanji? Ikani mtsukowo mu mgolo wouthina bwino, wa rediyasi 5 ndi msinkhu 10. Mgolowo umalowa malita pafupifupi 785. Mtsuko sungapose mgolo umene ukukhalamo. Chizindikiro china ndi π² uja: pa voliyumu ya mpira wamba π amabwera kamodzi.

Cholakwa china cha sifiya yokha ndi malire a ngodya. θ amazungulira kuchokera pa 0 kufika pa 2π, koma φ amathera pa π, kuchokera kumutu kufika kumapazi. Mukampatsa 2π, theka lachiwiri la sin φ limafafaniza loyamba ndipo voliyumu imatuluka 0. Samalaninso mukamagwiritsa mabuku awiri: mabuku ambiri a fizikisi amasinthanitsa zilembo, θ nkukhala ngodya yochokera kumutu, ndipo amalemba r² sin θ. Nzolondola m'buku lawo. Inu muzingofunsa kuti ndi ngodya iti ikuyezedwa kuchokera pa mzere wa z, ndipo sin apite pa imeneyo.

Zonsezi tayeza voliyumu yokha. Pakakhala china choti muintigirete, nachonso chili ndi mawu pa chisankho. x² + y² + z² mu sifiya ndi ρ² chabe. x² + y², amene amabwera pa mafunso a chinthu chozungulira pa mzere wa z, mu silinda ndi r², koma mu sifiya ndi ρ² sin²φ, ndipo akakumana ndi Jakobiyani amakhala ρ⁴ sin³φ. Pa koni ija ndikhoza kukhalabe ndi sifiya, chifukwa malire ndi manambala ndipo sin³φ amatheka polemba (1 − cos²φ) sin φ. Pa mpata wa pamwamba pa madzi, 3/cos φ akanakwera kufika pa mphamvu yachisanu, pamene silinda ikungofuna r³(√(25 − r²) − 3), amene u = 25 − r² yemwe uja amamumaliza.