Abusopushoni ndi majinolo: mabuloko omwewo, phindu losiyana

Anzanga a kontabilidade, funso lija la pamayeso la kuwerengera phindu m'njira ziwiri limagwetsa anthu osati chifukwa masamu ake ngovuta ayi, koma munthu umapeza mayankho awiri osiyana ndiye umayamba kufufuta poganiza kuti walakwitsa penapake. Simunalakwitse, amayenera kusiyana. Njira yoyamba ndi imene aprofesori athu kuno amati kusiteyo pori abisorisawu, anzathu a ku Dedza amati abusopushoni. Yachiwiri ndi kusiteyo variyaveli, kapena majinolo. Kusiyana kwake kuli pa chinthu chimodzi basi, ndalama zopangira katundu zimene sizisintha kaya mwapanga zambiri kaya zochepa, monga lendi ya malo, malipiro a kapitawo ndi kutha kwa makina. Majinolo imati zonsezo zichotsedwe mwezi womwewo zithe. Abusopushoni imati ayi, tizigawire pa katundu aliyense wopangidwa, ndipo katundu amene sanagulidwe asenze gawo lake mpaka tsiku lomwe adzagulitsidwe.

Ine zinandilowa nditaziyesa pa mabuloko, ndiye tiyeni tipange fabirika yongopeka ku Ulongwe kuno. Buloko imodzi ikugulitsidwa 40 MT. Simenti, mchenga, madzi ndi ganyu wa anyamata oumba omwe amalipidwa pa buloko, zonse pamodzi 25 MT pa buloko. Zosasintha za pa fabirika 60,000 MT pamwezi, za mu ofesi ndi zogulitsira 20,000 MT. Mwezi wabwinobwino amaumba 10,000, ndiye mu abusopushoni buloko iliyonse imasenza 60,000 kugawa 10,000, kutanthauza 6 MT. Choncho buloko yomweyo ku majinolo mtengo wake wopangira ndi 25, ku abusopushoni 31.

Okutobala, dzuwa lili ng'aa, anyamata aumba 12,000 koma zagulidwa 8,000 zokha, ndipo poyamba mwezi pabwalo panalibe kanthu. Majinolo ndiyachidule: buloko iliyonse yogulitsidwa ikusiya 40 kuchotsa 25, ndiye 15 MT, kuchulukitsa 8,000 tapeza 120,000. Chotsani 60,000 ndi 20,000 ija, phindu 40,000 MT. Zatha.

Abusopushoni imafuna kudekha pang'ono. Buloko ikusiya 40 kuchotsa 31, ndiye 9 MT, kuchulukitsa 8,000 ndi 72,000. Koma apa pali sitepe imene ambiri amaidumpha. Taumba 12,000 ndipo iliyonse taisenzetsa 6 MT, ndiye kuti m'mabuku talowetsa 72,000 ya zosasintha pamene zenizeni zimene zinatuluka ndi 60,000. Tasenzetsa mopitirira ndi 12,000 ndipo imeneyo iyenera kubwerera ku phindu. (Osasokonezeka kuti 72,000 yabwera kawiri, zangochitika mwangozi, ina ndi 9 kuchulukitsa 8,000 ina 6 kuchulukitsa 12,000.) Ndiye 72,000 kuphatikiza 12,000 kuchotsa 20,000 ya mu ofesi, phindu 64,000 MT.

40,000 uku, 64,000 uku. 24,000 ili kuti? Tulukani panja muone, ili pabwalo. Mabuloko 4,000 osagulidwa aja asanjidwa pafupi ndi mpanda ndipo lililonse lanyamula 6 MT ya lendi ndi kapitawo wa Okutobala. 4,000 kuchulukitsa 6, ndi 24,000 ndendende. Ndalamayo inalipidwa kale, mwini malo anadya kale, koma abusopushoni yaisunga mu sitoko kudikira mwezi wina.

Tsopano Novembala ndi pomwe nkhani imakoma. Makina awonongeka masiku angapo ndiye aumba 7,000 zokha, koma anthu akuthamangira kumaliza nyumba mvula isanagwe, agula 11,000, mulu wa pampanda uja watha psiti. Majinolo: 15 kuchulukitsa 11,000 ndi 165,000, kuchotsa 80,000, phindu 85,000. Abusopushoni: 9 kuchulukitsa 11,000 ndi 99,000, koma ulendo uno tasenzetsa 7,000 kuchulukitsa 6, ndiye 42,000 yokha pa 60,000 ija, yatsala 18,000 yosasenzetsedwa ndipo iyenera kuchotsedwa ku phindu. 99,000 kuchotsa 18,000 kuchotsa 20,000, tatsala ndi 61,000.

Taonani bwino pamenepo. Malonda akwera ndi mabuloko 3,000, ndalama ikulowa ngati madzi, koma abusopushoni ikuti phindu latsika kuchoka 64,000 kufika 61,000. Abwana a fabirika mutawapatsa pepala limenelo angakuthamangitseni. Majinolo yakwera kuchoka 40,000 kufika 85,000, ikuyenda limodzi ndi malonda. Koma mukaphatikiza miyezi iwiriyo, 40,000 ndi 85,000 ndi 125,000, nayonso 64,000 ndi 61,000 ndi 125,000. Palibe njira yomwe yapanga ndalama yatsopano, angosiyana mwezi umene lendi ija yawerengedwera.

Pamayeso ine ndimadziyesa ndi kafomula aka ndisanapereke pepala:

```
phindu(abusopushoni) - phindu(majinolo) = (sitoko yotsekera - sitoko yotsegulira) x 6
```

M'malo mwa 6 muike reti ya funso lanu. Sitoko ikakwera abusopushoni ndiye imatuluka pamwamba, ikatsika majinolo ndiye pamwamba, ikakhala chimodzimodzi mayankho amafanana. Zikakana kugwirizana, kawirikawiri vuto limakhala kuti mwaiwala 12,000 kapena 18,000 ija, kapena mwalowetsa ndalama za mu ofesi ndi za thiransipoti yoperekera katundu mu mtengo wa buloko. Zimenezo sizilowa mu sitoko m'njira zonse ziwiri, ngakhale zitakhala zoyendera pa buloko. Ku majinolo zoyendera pa buloko zokhazo mumazichotsa pofuna kupeza kontiribushoni, ndalama ija imene buloko imasiya tisanachotse zosasintha, koma powerengera mtengo wa mabuloko otsala ayi. Ine pa tesiti ina ndinaika ndalama ya galimoto yonyamula mu sitoko yotsekera, tsamba lonse linabwera lofiira.

Chinanso werengani bwino kuti funso likufuna reti yotani. Ngati silinapereke nambala ya mwezi wabwinobwino ndipo likuti mugawe ndi zomwe zaumbidwadi, Okutobala reti ikhala 60,000 kugawa 12,000, ndiye 5 MT, palibe zosenzetsa mopitirira, phindu likhala 60,000 ndipo kusiyana 20,000. Zikatero mwezi wotsatira sitoko yotsegulira ili ndi reti yake yakale, ndiye kafomula kaja muwerengere mbali iliyonse ndi reti yake.

Nanga yabwino ndi iti? Pa malipoti opita kunja kwa kampani simusankha, IAS 2, lamulo la kontabilidade la padziko lonse lokhudza sitoko, imafuna kuti mtengo wa sitoko ukhale ndi gawo la zosasintha za pa fabirika, logawidwa potengera kapangidwe ka nthawi zonse, ndipo PGC-NIRF, pulani ya kontabilidade yathu kuno ku Mozambiki, inachokera ku malamulo omwewo. Komanso poika mtengo wogulitsira wa nthawi yaitali 31 ija imakukumbutsani kuti lendi nayo iyenera kubwezedwa. Koma pa zisankho za mkati ine ndili ku majinolo. Kontirakita wa ku Mowatizi atabwera kuti ndipatseni 2,000 pa 29 MT ndidzanyamula ndekha, makina ali chikhalire, woyang'ana 31 akana kuti tiluza 2 MT pa buloko, pomwe zoona zake buloko lililonse likusiya 4 MT, ndiye 8,000 yomwe sikanabwera, bola makasitomala ena asamve n'kuyamba kufuna mtengo womwewo.

Ndipo kapitawo amene bonasi yake imayendera phindu la abusopushoni mumuyang'anitsitse akayamba kuumbitsa usiku. Akanaumba 14,000 mu Okutobala muja osagulitsa ngakhale limodzi lowonjezera, phindu la papepala likanakwera ndi 12,000 kufika 76,000, pomwe simenti ya ngongole yangosanduka mulu wina pampanda womwe ukudikira mvula ya Disembala.