Ndemanga: kaleza kobiriwira ka 532 nm, nyenyezi zitatu pa zisanu

Kaleza aka ndi kooneka ngati cholembera, kamalowa mabatire awiri ang'onoang'ono a rimoti. Ndinakagula pa shopu ina ya zamagetsi ku Lilongwe kuti ndizikagwiritsa ntchito pophunzitsa fizikisi kuno ku Kasungu, ndipo kagwira ntchito teremu yonse yozizira. Pa kapepala kake analembapo kuti utali wa funde la kuwala kwake ndi mananomita 532 ndipo mphamvu yake siipitirira mamiliwati 5. Nambala yoyambayo ndaitsimikiza ndekha. Yachiwiriyo sindiikhulupirira, chifukwa kadontho kake kamathobwa m'maso ngakhale ukungokaonera pakhoma la laimu.

Ndiyambe ndi chimene kandisangalatsa. Tinamata tsitsi limodzi la wigi pa kabowo ka katoni, n'kuwalitsa leza patsitsipo, khoma lili mamita 2 kutsogolo. Pakhoma panatuluka mzere wa timizere towala tolekanitsidwa ndi mipata yamdima, tooneka bwino ngakhale makatani tinangotseka mbali imodzi. Kuchokera pa mpata wamdima kufika pa wotsatira, kupatula dontho lalikulu lowala lapakati, tinayeza mamilimita 15. Masamu ake ndi d = λL / y, pomwe d ndi kunenepa kwa tsitsi, λ ndi utali wa funde, L ndi mtunda wokafika kukhoma ndipo y ndi mtunda wa pakati pa mipata yamdima ija, ndiye 0.000532 kuchulukitsa ndi 2000, kugawa ndi 15, zonse m'mamilimita. Yankho ndi mamilimita 0.071, kunenepa kwa tsitsilo. Ophunzira anayeza tsitsi ndi rula ya pulasitiki osalikhudza n'komwe. Titayesa ndi tochi ya foni pamalo omwewo, panalibe chooneka koma kuwala kwa mbuu.

Kusiyana kumeneku ndiko ndinagulira kachipangizoka. Mu tochi, atomu iliyonse yomwe yalandira mphamvu imatulutsa fotoni yake, kachidutswa kakang'ono ka kuwala, pa nthawi yake, kulowera kulikonse. Mafunde ake ndi a utali wosiyanasiyana ndipo amachokera m'malo ambiri, choncho timizere ta funde lina timagwera pa mdima wa linzake, zonse n'kufufutika. Mu leza muli njira ina yomwe Albert Einstein anailongosola mu 1917. Fotoni ikadutsa pafupi ndi atomu yomwe ili kale pamlingo wapamwamba wa mphamvu, ndipo mphamvu ya fotoniyo ikafanana ndi mpata wa pakati pa milingo iwiri, atomuyo imasonkhezeredwa kutsika. Potsikapo imatulutsa fotoni yachiwiri yofanana ndi yoyamba: utali wa funde womwewo, kolowera komweko, kukwera ndi kutsika pamodzi. Zili ngati amuna ovina mganda, wolowa pamzere amaponda phazi pomwe anzake akuponda.

Komatu fotoni yomweyo ikakumana ndi atomu ya pamlingo wapansi, imamezedwa. Mwachibadwa maatomu ambiri amakhala pansi, ndiye kuwala kodutsa m'chinthu kumachepa m'malo mochuluka. Kuti kuchuluke, maatomu a pamlingo wapamwamba ayenera kuposa a pamlingo womwe akutsikirapo. Ndi milingo iwiri yokha zimenezi sizitheka, chifukwa kuwala komwe ukukwezera maatomu ndi komwenso kumawatsitsa, ndipo ukalimbikira chotani umangofika poti theka lili kumwamba, theka pansi.

Apa ndi pomwe leza yobiriwira imaphunzitsa bwino kuposa yofiira, ngakhale kapepala ka m'bokosi sikanenapo kanthu. M'kati mwake muli dayodi yotulutsa kuwala kwa mananomita 808, komwe diso limavutika kukuona. Kuwalako kumalowa mu kirisitalo yokhala ndi neodimiyamu n'kukweza mphamvu yake pamlingo wapamwamba kwambiri. Pamenepo siichedwa, imatsika pang'ono kufika pamlingo wina pomwe imadikira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Kwa ife ndi kanthawi kosawerengeka, koma kwa atomu ndi nthawi yokwanira kuti ambiri aunjikane. Akatsika pamenepo amatulutsa kuwala kwa mananomita 1064 n'kugwera pamlingo womwe umakhuthuka msangamsanga. Kumwamba kwadzaza, kogwera kuli mbee, ndipo fotoni iliyonse yodutsa imapeza oibereka ambiri kuposa oimeza. Kenako kirisitalo yachiwiri, yotchedwa KTP, imaphatikiza mafotoni awiri a 1064 kukhala imodzi ya 532, yobiriwira ija.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti kusonkhezera kuja pakokha ndiko kumapanga kuwala kogwirizana. Sikokwanira. Kirisitalo ili pakati pa akalilole awiri, wina wobweza pafupifupi zonse, wina wolola pang'ono kutuluka. Fotoni yomwe yayamba molowera kumbali imatayika isanabereke zambiri. Yoyenda molunjika pakati pa akalilolewo imabwerera mobwerezabwereza, ikuchulukana ulendo uliwonse, ndipo mafunde okhawo omwe akukwana bwino pa mtunda wa pakati pa akalilole ndi amene amalimbikitsana. Mapeto ake mafunde ochepa kwambiri amalanda mphamvu yonse. Umboni wake umaoneka ndi maso: kadontho ka pakhoma sikosalala, kali ndi timadontho tothwanima ngati mchenga, ndipo ukasuntha mutu timayenda. Ndi mafunde obwerera kuchokera pa tizigodi ta khoma akuwonjezerana pena, kufafanizana pena. Tochi siichita zimenezo.

Nyenyezi ziwiri ndachotsa pa zifukwa izi. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi, piriyodi yoyamba, kaleza kamayaka mozilala, nthawi zina kuphethiraphethira, mpaka utakafumbatira m'manja kanthawi. Si mabatire ayi. Dayodi ikazizira, utali wa funde lake umasuntha pafupifupi mananomita 0.3 pa digiri iliyonse, n'kuchoka pomwe neodimiyamu imameza bwino. Maatomu okwera amachepa, ndipo akalephera kufika pa mlingo woti phindu lipose zotayika pa akalilole, leza imaleka. Mabatire akafooka zimachitikanso chimodzimodzi: sikazilala pang'onopang'ono ngati tochi, kamafika pena n'kungoti zii.

Chachiwiri ndicho chandidetsa nkhawa. Leza yabwino ya mtundu uwu imakhala ndi kagalasi kosefa kuti kuwala kwa infuraredi, kwa 808 ndi 1064 kuja, kusatuluke. Yanga zikuoneka kuti ilibe. Ndinawalitsa pa sidi yakale, yomwe imalekanitsa kuwala malinga ndi utali wa funde, m'chipinda chamdima kuti kuwala kubwerere pa pepala loyera. Maso anaona madontho obiriwira okha, koma kamera ya foni, yomwe imaonanso kanyali ka rimoti ya wayilesi yakanema, inaonetsa kadontho kena kotuwira kutali pang'ono ndi dontho lobiriwira. Kuwala kosaonekako sikuchititsa diso kuphethira, ndiye m'mawa wozizira uja, pomwe kakuoneka ngati kafa, mwana akhoza kukasuzumira kutsogolo n'kupsa m'kati mwa diso osamva kanthu. N'chifukwa chake kanga sindipatsa wophunzira. Ndimakamanga pa thabwa ndi labala, kuloza kukhoma, motsika kuposa maso a munthu wokhala pa desiki, ndipo mawotchi ndi magalasi oonera nkhope timachotsa patebulo.

Aphunzitsi anzanga, ngati mukufuna choti ana azigwira okha, gulani leza yofiira ya mananomita 650 yosapitirira miliwati imodzi. Tsitsi lomwe lija lidzakupatsani mipata ya mamilimita pafupifupi 18 pa mtunda womwewo, yosavutanso kuyeza. Yobiriwirayi ikhale ya mphunzitsi yekha, ndipo pogula funsani wogulitsa ngati ili ndi kagalasi kosefa infuraredi. Wanga nditamufunsa anangoti zimabwera choncho m'katoni.